Kuphunzitsa nambala yapakati ndi zitsekerero za mabotolo: pomwe ntchito yafika

Lolemba: zipangizo ndi manambala

Chikonzero cha phunziroli chayamba kuoneka mutu wake. Ndikukonzera ana a zaka 9 mpaka 11, amene amatha kale kusanja manambala mpaka 20 ndipo amadziwa theka. Cholinga ndi chimodzi: mwana athe kupeza nambala yapakati, imene mabuku amaitcha midiyani, ndipo adziwe chifukwa chake ili pamene iliyo.

Gulu lililonse la ana anayi lilandira zitsekerero 8 zapulasitiki, zotsukidwa bwino. Zachitsulo ndazikana chifukwa m'mphepete mwake mumacheka zala. Nambala ndikuilemba mkati mwa chitsekerero ndi cholembera chosafufutika, ndipo 6 ndi 9 ndikuziika kamzere pansi, chifukwa chitsekerero chikangotembenuka 6 amasanduka 9 ndipo gulu lonse limayamba kukangana pa nkhani yomwe si ya phunziro. Mzere wa manambala uli pa katoni yotalika mita imodzi, kuyambira 0 mpaka 20. Chitsekerero chimodzi m'mimba mwake ndi pafupifupi masentimita 3, choncho ndasiya masentimita 4 pakati pa nambala ndi inzake, kuti zitsekerero zoyandikana zisamakankhane. Mzere wonse watenga masentimita 80.

Chimene chadya nthawi yambiri lero ndi kusankha manambala. Nkhani yake ndi yakuti ana 7 anaponya mpira m'ndowa, aliyense maulendo 20, ndipo chitsekerero chilichonse ndi mwana mmodzi ndi mipira imene inalowa. Ndiziyala pa tebulo motere:

8, 3, 12, 9, 2, 5, 3

Zikasanjidwa zimakhala 2, 3, 3, 5, 8, 9, 12, ndipo yankho ndi 5. Manambalawa sindinangowatola. Ndawasankha kuti kulakwitsa kwa mtundu uliwonse kutulutse yankho lakelake, losafanana ndi lina. Mwana wonena 9 watenga chapakati asanasanje. Wonena 4 watchula malo a chitsekerero, poti ndi chachinayi, m'malo mwa nambala yolembedwamo. Wonena 3 watenga nambala yobwera kawiri. Wonena 7 wayang'ana pakati pa 2 ndi 12. Wonena 6 waphatikiza zonse, wapeza 42, nagawa ndi 7, kumene ndi kupeza avereji. Ndipo amene watsala ndi 5 ndi 8 m'manja wataya 3 mmodzi. Mphunzitsi akamazungulira m'kalasi yodzaza alibe mpata wofunsa mwana aliyense mmene waganizira, koma akangomva yankho adziwa pomwe pakhota. Manambala monga 1, 2, 3, 4, 5 ndi osathandiza konse pa phunziro lino, chifukwa njira yolondola ndi njira zambiri zolakwika zimafika pa 3 yemweyo, ndipo mwana wosamvetsa amaoneka ngati wamvetsa.

Lachitatu: kuyesa koyamba, mndandanda wokha

Ndayesa gawo loyamba ndi kagulu kochepa. Mzere wa manambala ndinaubisa kaye. Ana anasanja zitsekerero kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, moyandikana, kenaka ana awiri anaima mbali ziwiri za mndandanda. Ndikawomba m'manja, aliyense amakankhira m'mwamba chitsekerero chimodzi cha kumbali yake, onse nthawi imodzi. Choyamba anakankha 2 ndi 12, kenaka 3 ndi 9, kenaka 3 ndi 8. Chinatsala ndi 5.

Kukankhira m'mwamba n'kwabwino kuposa kuchotsa pa tebulo. Zitsekerero zikachotsedwa, mwana amangoona 5 ali yekhayekha ndipo umboni wonse wapita. Zikangokankhidwa pang'ono, amaonabe zitatu kumanzere ndi zitatu kumanja, ndipo atha kuwerenga yekha kuti atsimikize. Kuwomba m'manja nakonso n'kofunika, chifukwa popanda kuwombako mwana wachangu amakankha ziwiri mnzake asanakankhe chimodzi, ndipo pakati pamasuntha.

Funso limene lagwira ntchito bwino ndinalifunsa tisanasanje. Ndinaloza 9, amene anali pakati pa zitsekerero zosasanjidwa, n'kufunsa ngati mwana ameneyu ndiye wapakati pa anzake. Ena anavomera. Kenaka ndinasakaniza zitsekerero n'kuziyalanso, ndipo pakati panagwera 2. Mtsikana wina anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti aliyense atha kukhala wapakati mukangosakaniza." Pamenepo kufunika kosanja kunamveka popanda ine kulamula. Ndalemba zimenezi m'chikonzero monga chiyambi cha phunziro, cha mphindi 5.

Ana awiri anati yankho ndi 4. Kwa iwo ndinagawa funso pawiri: chitsekerero chapakati ndi chachingati, nanga mwalembedwa chiyani? Anayankha kuti ndi chachinayi, ndipo mwalembedwa 5. Kenaka ndinafunsa kuti mwana wapakati analowetsa mipira ingati. Nkhani ya mpira ndi imene inawapulumutsa, chifukwa palibe mwana aliyense amene analowetsa mipira 4. N'chifukwa chake sindikufuna kuphunzitsa pa msinkhu uno lamulo la (n + 1) ÷ 2, pomwe n ndi kuchuluka kwa zitsekerero. Lamuloli ndi loona, ndipo pa zitsekerero 7 limapereka 4, koma 4 ameneyo ndi malo chabe. Mwana akaliloweza msanga amalemba 4 n'kutseka kope.

Lachisanu: mzere wa manambala, ndipo zinthu zasokonekera

Lero ndi tsiku limene laphunzitsa zambiri. Ana omwe aja, amene Lachitatu ankapeza 5 mosavuta, ndinawauza kuti aike chitsekerero chilichonse pa nambala yake pa mzere. Nditafunsa nambala yapakati, oposa theka analoza 7.

Sanaiwale kanthu ayi. Chasintha ndi chimene maso awo akuona. Mu mndandanda zitsekerero zimakhala motalikirana mofanana, kaya ndi 3 ndi 3 kaya ndi 9 ndi 12, choncho chitsekerero chapakati pa kuwerenga chimakhalanso pakati pa utali wa mndandandawo. Pa mzere wa manambala zinthu ziwirizi zimasiyana. Zitsekerero 2, 3 ndi 3 zimaunjikana kumanzere, pamene 8, 9 ndi 12 zimamwazikana kumanja, ndipo 5 amaoneka kuti wapendekera mbali imodzi. Diso limafuna pakati pa mtunda, ndipo pakati pa 2 ndi 12 ndi 7. Mndandanda unali utabisa funso lofunika kwambiri: tikati pakati, tikunena pakati pa chiyani? Nambala yapakati imawerenga kuchuluka kwa zitsekerero mbali iyi ndi mbali iyo. Kutalika kwa mtunda sikuikhudza.

Ndikuona kuti apa ndi pamene pali phunziro lenileni. Mwana amene wangophunzira ndi mndandanda wokha amadziwa kachitidwe, koma m'mutu mwake muli maganizo awiri omatana, ndipo amamatuka pokhapokha mzere wa manambala ukawalekanitsa. Chotero kusokonezeka kwa lero sindikufuna kukupewa. Ndikufuna kuchitike m'kalasi, ine ndili pomwepo.

Chimene chathandiza ndi pensulo. Ndinapempha mnyamata mmodzi kuti aigoneke modutsa mzere pa 7, ndipo ndinafunsa gulu kuti ndi ana angati analowetsa mipira yochepera pamenepo. Anawerenga 2, 3, 3, 5 n'kupeza anayi. Nanga oposa pamenepo? Atatu. Ndinafunsa ngati mbali ziwirizi zafanana, ndipo anati ayi. Mnyamata uja anayesa 6, koma zinali chimodzimodzi, anayi ndi atatu. Anadumphira pa 4 n'kupeza atatu kumanzere, anayi kumanja. Atafika pa 5, pensulo itagona pa chitsekerero chenichenicho, kunali atatu uku ndi atatu uko. Anayang'ana kanthawi, kenaka anati, "Koma kuno n'kwakutali, aphunzitsi," akuloza kumanja. Ndinamuvomereza kuti n'kwakutalidi, n'kumufunsa ngati kutalikako kwawonjezera mwana wina woponya mpira. Anapukusa mutu.

Ndaonanso kanthu kakang'ono kokhudza ma 3 awiri aja. Magulu ena anasanjikiza chitsekerero pamwamba pa chinzake, ndipo powerenga chapansicho chinaiwalika. Ena anachiika pambali, akuti 3 ali kale pamalo pake. Onsewa anatsala ndi zitsekerero 6, ndipo pakati panatuluka 5 ndi 8. M'chikonzero ndalemba kuti zitsekerero zofanana ziziikidwa china kumtunda kwa chinzake pa katoni, zonse zikuoneka, ndipo asanayambe kufufuza gulu liziwerenga ngati zonse 7 zilipo. Kwa amene amataya 3 wachiwiri, funso ndi lakuti mwana amene analowetsa mipira 3 uja wapita kuti, popeza nayenso anaponya.

Loweruka: kusintha dongosolo

Phunziro limodzi la mphindi 40 silikwana. Ndaligawa pawiri. Loyamba litenga mndandanda ndi kusamukira pa mzere, ndi zitsekerero 7 zokha. Lachiwiri litenga zitsekerero 8 ndi kusuntha manambala.

Ndawonjezeranso sitepe pakati pa mndandanda ndi mzere. Gulu likapeza 5 mu mndandanda, lisamaike chizindikiro chilichonse pa chitsekererocho. Aphunzitsi anzanga amene ndinawaonetsa chikonzerochi anaganiza zoti chitsekerero chapakati chikhale cha mtundu wina, kapena chitembenuzidwe, kuti ana asachitaye posamuka. Maganizowo ndi abwino pa kufulumira, koma ndawasiya, chifukwa mwana angamangotsata mtundu ndipo funso la 7 lija silingabuke. Mmalo mwake mndandanda uzikhala m'munsi mwa katoni, ana azikweza zitsekerero chimodzichimodzi kuyambira chaching'ono, ndipo mwana aliyense azilemba yankho lake payekha gulu lisanakambirane. Pensulo izibwera pambuyo pake, monga njira yoyesera yankho lililonse limene latchulidwa.

Lachiwiri: zitsekerero 8

Chitsekerero chachisanu ndi chitatu ndinachisiya chopanda nambala, ndi kapepala komata pamwamba pake, kuti tizisintha nambala yake. Ndinayamba ndi 7. Mndandanda unakhala 2, 3, 3, 5, 7, 8, 9, 12. Ana anakankha ziwiriziwiri monga kale mpaka panatsala 5 ndi 7. Gulu lina linakankhanso zimenezi n'kunena kuti nambala yapakati palibe. Gulu lina linasankha 7, akuti ndiye wamkulu. Lina linati mayankho ndi awiri.

Apa mzere wa manambala unagwira ntchito imene mndandanda sungathe. Mu mndandanda 5 ndi 7 zagundana ndipo pakati pawo palibe choloza. Pa mzere pali mpata, ndipo mumpatamo mwalembedwa 6. Ana anagoneka pensulo pa 6 n'kuwerenga zinayi uku, zinayi uko. Kenaka ana awiri anaika zala, wina pa 5 wina pa 7, n'kuyenda sitepe imodzi aliyense mpaka zala zinakumana.

Mtsikana uja wa Lachitatu anakana. Anati palibe mwana amene analowetsa mipira 6, ndiye 6 angakhale bwanji yankho? Funsoli ndi labwino kwambiri ndipo liyenera yankho loona. Ndinamuuza kuti nambala yapakati ndi malo amene amagawa gulu m'magawo awiri ofanana, ndipo ana akakhala 8 malowo amagwera pakati pa ana awiri. Ndinawauzanso zoona zake: pensulo itaikidwa paliponse pakati pa 5 ndi 7, ngakhale pafupi kwambiri ndi 5, imagawabe zinayi ndi zinayi. Anthu anagwirizana kutenga pakati penipeni pa ziwirizo kuti aliyense azipeza yankho limodzi. Ndimakonda kuti ana adziwe kusiyana kwa chinthu chimene angathe kuchitsimikiza powerenga ndi chinthu chimene anthu anangogwirizana. Amachilandira bwino akauzidwa mosabisa.

Kenaka tinasintha kapepala kaja. Titalemba 3, zapakati zinali 3 ndi 5, yankho 4. Titalemba 6, zapakati zinali 5 ndi 6, ndipo zala sizinapeze nambala yokumanapo. Ana amene amadziwa theka pa zinthu zogawana anachedwa kulizindikira pa mzere, mpaka mmodzi anaika kadontho pakati pa 5 ndi 6 n'kunena kuti ndi 5 ndi theka. Ndaganiza zojambula timizere tating'ono ta theka pa katoni zonse, masentimita 2 kuchokera pa nambala iliyonse. Titalemba 5, zapakati zinali 5 ndi 5, ndipo yankho ndi 5 basi, ngakhale ena anafuna kuphatikiza n'kunena 10. Dongosolo limeneli, loyamba ndi mpata wa masitepe awiri n'kumalizira ndi theka komanso manambala ofanana, ndilisunga momwemo. Kuphatikiza ziwiri zapakati n'kugawa ndi 2 ndikuphunzitsa pomaliza, ana ataona kale ndi zala chimene kuwerengerako kumapeza.

Lachinayi: kusuntha chitsekerero chimodzi

Tinabwerera ku zitsekerero 7. Ndinanena kuti mwana amene analembedwa 12 uja kwenikweni analowetsa mipira 19, ndipo ndisanasunthe chitsekerero ndinafunsa kuti nambala yapakati ikhala chiyani. Ambiri anati ikwera. Ndinakokera chitsekerero pang'onopang'ono mpaka pa 19, pensulo ili pa 5. Anawerenga, ndipo kunali atatu uku, atatu uko, monga poyamba. M'kalasi munamveka kudabwa kwenikweni.

Kwa ana amene anaphunzira kale avereji, apa pali mwayi wofananitsa. Zonse pamodzi zachoka pa 42 kufika pa 49, choncho avereji yachoka pa 6 kufika pa 7, koma nambala yapakati ikadali 5. Mwana mmodzi wochita bwino kwambiri amakoka avereji, pamene nambala yapakati imangoona kuti iye ali kumanja, kaya pafupi kaya kutali. Ichi ndi chifukwa chake anthu amasankha nambala yapakati pofotokoza zinthu zimene zili ndi manambala ochepa otalikira kwambiri ndi anzawo. Gawo limeneli ndaliika ngati lowonjezera, chifukwa si kalasi iliyonse imene idzakhala itaphunzira avereji.

Kenaka ndinabwezera chitsekerero chija pa 12 n'kutembenuza funso: sunthani chitsekerero chimodzi kuti nambala yapakati isinthe. Anayesa kusuntha 2 kupita pa 4, palibe chinachitika. Anasuntha 9 kupita pa 15, chimodzimodzi. Gulu lina linatenga 2 n'kumuika pa 10, ndipo mzere unakhala 3, 3, 5, 8, 9, 10, 12, yankho n'kudumphira pa 8. Lina linasuntha 3 mmodzi kupita pa 6 ndipo yankho linakhala 6. Posakhalitsa ana okha ananena lamulo lake m'mawu awo: chitsekerero chikamayenda kumbali kwawo komweko palibe chosintha, koma chikawoloka pensulo, kapena chikasuntha chapakati chenichenicho, yankho limasintha. Ntchito imeneyi yandionetsa bwino kuposa ina iliyonse kuti ndani wamvetsa, chifukwa sichitika ndi kuloweza. Ndaipatsa mphindi 15 m'phunziro lachiwiri.

Lolemba: vuto limene latsala

Mawu akuti "zitsekerero zofanana kuchuluka mbali zonse za pensulo" ali ndi malire, ndipo lero tawagunda. Ndinapereka manambala atsopano: 2, 5, 5, 5, 5, 8, 9. Pa mzere, ma 5 anayi anaima kumtunda kwa anzawo pa malo amodzi. Pensulo itagona pa 5, kumanzere kunali chimodzi, kumanja ziwiri. Pa 4 kunali chimodzi ndi zisanu ndi chimodzi. Pa 6 kunali zisanu ndi ziwiri. Palibe malo amene anagawa mofanana, ndipo ana anaima manja ali m'chiuno.

Yankho ndi 5, ndipo mndandanda ndi umene umalionetsa. Titatsitsa zitsekerero n'kuziyala moyandikana, chachinayi chinali 5, kumanzere kwake 2, 5, 5 ndipo kumanja kwake 5, 8, 9. Pa mzere pensulo inali itaphimba zitsekerero zinayi nthawi imodzi, ziwiri za kumanzere, chapakati, ndi chimodzi cha kumanja. Choncho zida ziwirizi zimadalirana. Mzere umaonetsa zimene mndandanda umabisa pa nkhani ya mtunda ndi mipata, ndipo mndandanda umaonetsa zimene mzere umabisa manambala akabwerezedwa pakati penipeni. M'chikonzero ndalemba kuti katoni ndi malo oyalira mndandanda zizikhala pa tebulo limodzi mpaka phunziro lithe, ndipo pensulo ikakana kugawa mofanana, gulu lizitsitsa zitsekerero n'kukankha ziwiriziwiri.

Chitsanzochi sindichiika m'phunziro loyamba, chifukwa chingagwetse chidaliro chimene ana angochipeza kumene pa pensulo. Chikhala kumapeto kwa lachiwiri. Pali njira ina yokankhira ziwiriziwiri pa mzere pomwepo, kuyambira kunja kulowa mkati: 2 ndi 9, kenaka 5 mmodzi ndi 8, kenaka ma 5 awiri, n'kutsala 5 mmodzi. Ndikufuna kuiyesa ndi gulu lotsatira kuti ndione ngati ana aitsata bwino kuposa kutsitsa zitsekerero.

Mafunso oti ana ayankhe pomaliza phunziro, asanatuluke pakhomo, ndawakonza atatu, ndipo ayankhidwa popanda zitsekerero. Loyamba lili ndi 10, 1, 14, 6, 1, ndipo yankho ndi 6, koma wosasanja apeza 14 ndipo wotchula malo apeza 3. Lachiwiri lili ndi 4, 11, 2, 8, ndipo yankho ndi 6, pakati pa 4 ndi 8. Mayankho awiriwa afanana, ndipo zimenezi zingapangitse mwana wongokopera yankho loyamba kuoneka wolondola, choncho 8 ndimusintha kukhala 10 kuti yankho likhale 7. Lachitatu likupempha mwana kuti alembe yekha manambala asanu, osafanana onse, amene nambala yawo yapakati ndi 9 ndipo wamkulu mwa iwo ndi 20. Sabata ino ndikujambula timizere ta theka pa katoni zonse ndi kulemba zitsekerero za magulu otsala, kenaka maphunziro onse awiri ayesedwa ndi kalasi yonse.